Pempho Silifa Lokha, Kabwezeni Mawu Kumene Munapempha

 Lero ndabwera ndi nkhani ya mjigo. Koma sindikamba za kapemphedwe kake, poti kupempha tonse tinakuzolowera. Ndikamba za chinthu chimene ambiri sitichita, ndicho kubwerera kumene tinapempha kuja ndi kukanena kuti: "Zikomo, chija tinkafuna chapezeka, tichotseni pa mndandanda."

Akuluakulu mukukumbukira momwe tinabwerera kuchokera ku Dedza ndi ku Ntcheu m'zaka za 1993 ndi 1994, mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Tinapeza zitsime zitakwiririka, ndipo aliyense wobwera ndi galimoto tinkamuuza mavuto athu onse. Masiku amenewo tinaphunzira kutchera misampha yambiri nthawi imodzi, poti sunkadziwa umene ugwire. Khalidwe limeneli tidakali nalo. Timapempha ku boma, timapempha ku mpingo, timapemphanso ku bungwe. Kutero si kulakwa. Kulakwa kumabwera msampha umodzi ukagwira, ife n'kuiwala kukaonjola inayo.

Kuchokera mu 1995, pamene dziko lathu linakhazikitsa mfundo zake zoyendetsera nkhani za madzi, mjigo wa kumudzi umayamba ndi pempho la eni mudzi. Anthu amakhala pansi, amasankha komiti ya madzi, amasonkha kangachepe, kenaka amalemba kalata yopempha, imene ku maofesi amaitchula kuti rekerimento. Kalatayo imadutsa kwa a mfumu, ku lokalidadi, ku posito, mpaka kukafika ku boma. Kumeneko dzina la mudzi limalowa pa mndandanda wa midzi yodikira. Ndipo dziwani ichi: pepala silimva mphekesera. Ngakhale dera lonse lidziwe kuti mwapeza madzi, pepala lija limanenabe kuti muli pa ludzu, kufikira tsiku limene inu eni mudzapite kukalitsutsa.

Ndikufotokozereni zimene zinachitika m'mudzi mwathu, m'mene ine ndinali mlembi wa komiti. Mudzi wathu uli ndi mabanja 50, anthu ngati 250 kuwerenga ndi ana. Tinkamwa madzi a pa chitsime cha kudambo, pamodzi ndi ng'ombe. Tinapempha mjigo ku boma, banja lililonse linasonkha metikali 100, zonse pamodzi zinakwana makontu asanu, ndiye kuti metikali 5,000. Anyamata anatuta mchenga ndi miyala. Gogo wina wamasiye anapereka ngodya ya munda wake kuti mjigo udzakhale pamenepo, poti mpamene panali pakati pa mudzi. Tinadikira dzinja limodzi, tinadikira lachiwiri. Kenaka mwadzidzidzi a mpingo wina anabwera ndi makina awo, natikumbira mjigo pafupi ndi tchalitchi. Amayi analulutira, ife amuna tinapha mbuzi. Za kalata ija palibe anaikumbukira.

Amene anatidzutsa ndi mayi wina wa kutsidya kwa dambo, amene anabwera kudzatunga pa mjigo wathu atayenda ulendo wa ola lathunthu ndi mwana kumbuyo. Ali kupukusa anandifunsa kuti, "A Mlembi, kodi n'zoona kuti inu muli patsogolo pathu pa mndandanda wa ku boma? Ndiye kuti mudzakhala ndi iwiri ife tilibe ndi umodzi womwe?" Ndinasowa choyankha. Usiku umenewo sindinagone bwino.

Nditaitula nkhaniyi ku komiti, panabuka mkangano. Ena anati, "Tingokhala chete, ukabwera wachiwiri tilandira, kodi madzi amachuluka?" Ena anati, "Tikakaletsa, a boma adzatiyesa anthu osayamika, mawa tikadzapempha sukulu sadzatimvera." Mawu onsewa ndi omveka, ndipo ndikudziwa kuti m'midzi yanu aliponso onena chimodzimodzi. Koma taonani mmene ntchitoyi imayendera. Ndalama za mijigo zimakhala zowerengeka chaka chilichonse, ndipo dongosolo la chaka cha mawa limakonzedwa chaka chino chisanathe. Makina okumbira ndi olemera, amayenda m'chilimwe misewu ikauma. Asanabwere makinawo, amayamba abwera anthu oyeza kumene kuli madzi pansi. Tsono mukakhala chete, pali zinthu ziwiri zimene zingachitike. Mwina oyeza aja adzatentha mafuta kubwera kwanu, n'kupeza mjigo ukutulutsa madzi, n'kubwerera, ndipo posintha mapepala chilimwe chitha, mudzi wotsatira udikire chaka china. Kapena adzakumbadi wachiwiri, ana a kutsidya kwa dambo akupitiriza kutsegula m'mimba. Zonse ziwiri wolipira ndi mnansi wanu. Za kuopa kuti adzakuyesani osayamika, ine ndinaona zosiyana: munthu amene wanena zoona pamene bodza likanamupindulira, mawu ake amalemera akadzabweranso.

Komabe musathamange. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Musanaletse pempho, tsimikizani kuti chimene muli nachocho chikukwaniradi, chifukwa mukachoka pa mndandanda, podzabwerera mudzayambira kumchira. Ife tinayesa mjigo wathu pa zinthu zinayi, ndipo ndikupemphani muchite chimodzimodzi.

Choyamba ndi nyengo. Mjigo uliwonse umaoneka wabwino mu Epulo, mvula itangosiya. Mayeso ake enieni ndi Okutobala ndi Novembala, pamene madzi apansi atsika. Ngati pa nthawi imeneyo mjigo ukutulutsa madzi tsiku lonse, osaphwa masana, osatulutsa matope kapena mchenga, ndiye kuti wakhoza. Ngati amayi akumati akatunga ndowa zingapo adikire kuti madzi abwerere, pempho lanu lisungeni. Ife mwayi wathu unali wakuti mjigo unali utadutsa kale chilimwe chimodzi.

Chachiwiri ndi masamu a ndowa. Mlingo umene a za madzi amagwiritsa ntchito ndi wakuti munthu mmodzi apeze malita 20 pa tsiku, ndiyo ndowa imodzi yaikulu. Tengani wotchi, muone kuti ndowa imadzaza nthawi yotani, kuwerengera ndi kutsuka ndowa ndi kusinthana pa mzere. Kwathu inkatenga mphindi ziwiri. Anthu 250 ndi ndowa 250, kuchulukitsa ndi mphindi ziwiri ndi mphindi 500, ndiye kuti maola asanu ndi atatu ndi mphindi 20. Tsiku limodzi likukwana bwinobwino. Koma mudzi wa anthu 400 ukanafuna mphindi 800, maola 13 ndi mphindi 20, ndiye kuti amayi ayambe tambala asanalire ndi kumaliza mdima utagwa. Mudzi wotero usaletse pempho. Ulembe kalata ina, yonena zoona kuti mjigo umodzi wapezeka koma sukukwanira. Kumeneko ndi kusintha pempho, ndipo a boma adzaona okha pokuikani.

Chachitatu ndi mtunda. Mjigo wathu watsopano sunakhale pamene tinasankha ife, unakhala pafupi ndi tchalitchi. Choncho tinayenda kuchokera pa nyumba ya kumapeto kwenikweni kwa mudzi mpaka pa mjigo, tikuwerenga mapazi. Mlingo wake ndi wakuti mjigo usatalikire kupitirira mamita 500, theka la kilomita. Nyumba zitatu zinapyola pang'ono, ndipo eni ake tinawafunsa pamaso pa anthu ngati akuvomera. Anavomera. Musawayankhire anthu otere, ayankhe okha.

Chachinayi ndi umwini. Funsani momveka: kodi mjigowu ndi wa mudzi wonse, kapena ndi wa amene anaukumba? Kodi wa mpingo wina adzatunga popanda kunyozedwa? Ukawonongeka adzakonza ndani? Ife tinapempha akulu a mpingo kuti anene pa bwalo, pamaso pa a mfumu, kuti mjigo uli m'manja mwa komiti ya mudzi. Mawuwo tinawalemba m'kaundula ndipo anasaina. Popanda zimenezi mukhoza kuletsa pempho lanu, tsiku lina n'kudzapeza unyolo ndi loko pa mjigo.

Zinayi zimenezi zitatheka, panatsala funso lakuti woletsa ndani. Yankho lake ndi lapafupi: amene anapempha ndiye amaletsa. Pempho linali la mudzi wonse, choncho wapampando payekha, kapena ine mlembi, ngakhale a mfumu amene, sakanatha kuliletsa kuseri. A Nyakwawa anaitanitsa msonkhano, ndipo tinaonetsetsa kuti amayi abwere ambiri, poti osenza ndowa ndiwo. Ndinawerenga masamu aja pamaso pa onse. Bambo wina anaimirira nati, "A Nyakwawa, nanga uwu ukadzafa?" Mayi wina wachikulire anamuyankha kuti, "Mapanga awiri avumbwitsa, achimwene. Tisamale umene tili nawo." Tinakweza manja, ambiri anavomera kuletsa. Ndinalemba tsiku, chiwerengero cha obwera, ovomera ndi okana. Okana musawabise. Alembeni, kuti mawa pasadzakhale wonena kuti sanafunsidwe.

Tsopano kalata yoletsa. Imalembedwa m'Chipwitikizi monga inalembedwera yopempha, choncho pemphani aphunzitsi kapena mwana wa sukulu wodziwa bwino akuthandizeni, kenaka akuwerengereni m'chinenero chathu musanasaine. Isatalike. Inene dzina la mudzi, lokalidadi ndi posito. Inene tsiku limene munapereka pempho loyamba, ndi nambala imene analemba pa kope lanu ngati anakupatsani, chifukwa midzi yambiri ili ndi maina ofanana ndipo mukhoza kufafanizitsa mudzi wa eni ake. Inene chimene munapempha, chifukwa chimene simukuchifunanso, amene anakumba mjigo watsopano ndi malo ake. Inene kuti chigamulo chinachitika pa msonkhano wa tsiku lakuti. Ndipo muonjeze mzere umodzi wofunika kwambiri: kuti mukuletsa pempho la mjigo lokha, mapempho ena a mudzi, monga a sukulu kapena mlatho, akhale momwe alili. Asaine ndi omwe aja anasaina poyamba, ndipo a mfumu adinde chidindo chawo. Kuyambira mu 2000 boma limazindikira mafumu ndi atsogoleri a m'midzi monga njira yolumikizirana ndi anthu, choncho kalata yodutsa kwa iwo siikayikitsa.

Ife m'kalatamo tinatchulanso kuti mudzi wa kutsidya kwa dambo uli pa vuto lalikulu. Koma apa chenjerani. Malo a pa mndandanda si mbuzi yoti mungapatse mnzanu. Mukhoza kungopempha kuti awaganizire, wogamula ndi boma. Musapite kukalonjeza anansi kuti "takupatsani mjigo wathu", chifukwa ukakapita kwina mudzasanduka abodza.

Kalata yoletsa iyende njira yomwe inayenda yopempha, osadumpha khomo ndi limodzi lomwe. Ife tinalemba makope anayi: la ku lokalidadi, la ku posito, la ku boma ndi lathu. Pa khomo lililonse tinkapempha kuti adinde kalimbo ndi kulemba tsiku pa kope lathu. Ena amati, "Ndinakumana ndi a shefi pa msika ndipo ndinawauza." Abale, mawu a pa msika amathera pa msika. Ena amaimba foni. Foni ndi yabwino pochenjeza msanga kuti oyeza asanyamuke, koma siilowa m'faelo, ndipo amene munalankhula naye akasamutsidwa, wobwera m'malo mwake adzangopeza pempho lakale lija. Patatha mwezi ndinakwera njinga kubwerera ku boma, kukafunsa ngati dzina lathu lachokadi pa mndandanda. Ndinaona ndi maso anga. Ndipo ngati munapemphanso ku bungwe lina kapena kwa phungu, kumenekonso kupite kalata yake.

Ku maofesi kutatha, kunatsala kovuta kwenikweni, ndiko ndalama. Makontu asanu aja anali adakali kwa msungichuma. Ndalama yosonkhedwa pa cholinga chimene chafa ndi imene imaphwasula makomiti ambiri, chifukwa imakhala ngati ilibe mwini, ndipo pang'ono ndi pang'ono imayamba kubwerekedwa. Ife tinaiyala pa mphasa pamaso pa anthu, tinaiwerenga mokweza, ndipo ndinaitana maina onse 50 a m'kaundula. Aliyense tinamufunsa: mutenga metikali 100 yanu, kapena ilowe m'thumba lokonzera mjigo? Tinafotokoza kuti mjigo wa mtundu wa Afridev, umene uli m'midzi yambiri kuno, uli ndi timphira ndi tizipangizo ta pulasitiki timene timatha ndi kupukusa ndipo timafunika kusintha kawirikawiri, mjigo usanaime. Mabanja 44 anasiya ndalama zawo, zinakwana metikali 4,400. Mabanja asanu ndi limodzi anatenga zawo, metikali 600, ndipo anasaina kapena kudinda chala. Palibe amene tinamunyoza. Ndalama inali yake, ndipo cholinga chimene anaperekera chinali chitasintha. Ngati ndalama yanu munali mutaipereka kale kwina, tengani lisiti lanu mukafunse nthawi yomwe mukupereka kalata yoletsa, ndipo yankho lake mudzalinene pa bwalo.

Musaiwale ana a mudzi amene ali kutali. Ena a mabanja aja ndalama zawo anatumiza ndi ana awo a ku Tete, ku Beira ndi ku Joni. Munthu amene ali kutali akamva kwa wodutsa kuti pempho linaletsedwa, funso lake loyamba ndi lakuti, "Nanga ndalama zadyedwa ndi yani?" Tinawatumizira uthenga womwewo umene tinanena pa bwalo, osachotsera osaonjezera. Anyamata otuta mchenga ndi miyala nawonso tinawauza, ndipo tinagwirizana kuti zimenezo zimangire mpanda wa mjigo ndi ngalande yotayira madzi, kuti ziweto zisamapondeponde.

Tsono ndiulule cholakwa changa, poti mkulu sauza ana za kupambana kwake kokha. Pa anthu onsewa tinaiwala mmodzi: gogo uja anapereka ngodya ya munda wake. Tsiku la msonkhano anali kudwala, sanabwere, ndipo aliyense ankayesa kuti mnzake wamuuza. Mvula inagwa, anthu anabzala. Tsiku lina mu Januwale ndikudutsa ndinaona ngodya ija ili tchire, zikhomo zathu zikadali chiimire. Nditawafunsa anati, "Mwana wanga, paja mpa mjigo wa boma. Ndikanalima bwanji malo amene ndinapereka kwa a mfumu?" Dzinja lonse mizere ya chimanga ndi nyemba inatayika, kwa munthu wolera adzukulu atatu. Ndinachita manyazi kwambiri. Komiti inapita kukapepesa, a Nyakwawa anazula zikhomo ndi manja awo ndi kubweza malowo pamaso pa mboni, ndipo pokolola tinasonkherana chimanga kukawapatsa. Koma chimanga chopepesera sichifanana ndi chodzilimira.

Kuchokera pamenepo ndinaphunzira njira imene ndikusiyirani. Tsiku limene mwagamula kuletsa, tengani pepala mulembe aliyense amene anachitapo kanthu chifukwa cha pempholo. Musalembe okhawo amene analilandira. Lembani wosaina, wosonkha, wopereka malo, wotuta mchenga, wolonjeza kuphikira okumba, ndi amene akudikira kumbuyo kwanu. Pa dzina lililonse lembani amene akamuuze ndi tsiku lake, ndipo muchonge pokhapokha wotumidwayo atabwera ndi yankho. Amene sanabwere ku msonkhano ndiye woyamba kumuyendera. Funso loti muzidzifunsa ndi ili: ndani amene akusiya kuchita kanthu kena chifukwa akuyesa kuti pempholi lidakali moyo?

Mwina mukufuna kudziwa za a kutsidya kwa dambo. Mjigo wawo unakumbidwa chilimwe chotsatira. Sindinganene kuti ndi kalata yathu yokha inachititsa, poti zogamula ku boma zimayang'ana zambiri. Chimene ndikudziwa n'chakuti mayi uja tikakumana ku chigayo ndimamupatsa moni mutu uli chiimire.

Tsono a makomiti, sabata ino tsegulani makaundula anu. Onani makalata amene munatumiza zaka zapitazi, mudzifunse kuti ndi ati amene akupemphabe zinthu zimene muli nazo kale. Mukapeza imodzi, itanitsani msonkhano mvula isanatseke misewu.